Chaka cha Maungu

9 Febuluwale

Kalumo,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko, ndipo kuzizira sikunakuumitse lilime. Kuno tonse tili bwino, kupatula munthu mmodzi amene akukana kuti sali bwino.

Agogo ako anagwa. Anaterereka pakati pa mizere ya mbatata mvula itangokata, bondo nkutupa ngati mpira. Ine ndinamvera kwa munthu wodzagula mankhwala a chifuwa m'sitolo mwanga. Akulandira chenji, akuti, "Pepanitu ndi za amayi." Tangoganiza. Mwana wawo yekhayo wotsala, kumva za mayi ake pa kauntala.

Ndinapitako Loweruka. Ndinawauza kuti chipinda cha kumbuyo kwathu kuno kutauni tachipenta, bedi lilimo, chimbudzi chili m'nyumba momwemo, munda tibwereketse. Ndinalankhula mwaulemu wonse. Kenako pakamwa panaterereka: ndinati munda umenewo sungadyetsenso ngakhale munthu mmodzi, ukungowadya mawondo.

Anandiyang'ana monga ankayang'anira ana obwereza pa mzere, nthawi ija ankaphikira sukulu yogonera konko. Akuti, "A Dokotala." Ukudziwa kuti akanditchula choncho ndiye kuti zavuta, poti ine ndimangogulitsa mankhwala. "A Dokotala, zokolola zikacha mubwere ndi banja lanu lonse. Ndikuphikirani phwando la za m'munda zokhazokha. Zogula ndi mchere, mafuta ndi machesi basi. Mmodzi akachoka ndi njala, ndikwera galimoto yanuyo tsiku lomwelo. Mukakhuta nonse, chipinda chanucho musadzachitchulenso."

Ndinavomera, chifukwa munda ndinauona ndi maso anga. Tomato wada yense, kabichi ndi mabowo okhaokha. Koma bwenzi zili bwino akanavomera popanda kuchita manyazi pa anthu. Iwe anakulera, amakumvera. Alembere. Foni usayese, akuti imawalankhula ngati njuchi ili m'botolo.

Malume ako

24 Febuluwale

Agogo,

Moni wa kuno, ngakhale simukuyenera moni. Bondo lili bwanji? Ndikufunsa bondolo, osati inu, chifukwa inu mundinamiza.

Ndakhumudwa kwambiri. Munandiphunzitsa mpaka ndinafika pophunzitsa malamulo ku yunivesite, ndiye mukapangane pangano lalikulu chotere pakhonde, popanda mboni, popanda kufunsa loya wanu amene mumamulipira ndi mapeyala? Ana anga a chaka choyamba akanachita zimenezi ndikanawabweza kwawo akaweta mbuzi. "Banja lanu lonse" ndiye anthu angati? "Kukhuta" ayeza ndani? Mwana wachiwiri wa malume uja sanakhutepo chibadwire, ndinamuona ndi maso anga akunyambita mbale ya mwini pa ukwati.

Malume andipempha kuti ndikunyengerereni. Ndiye nayi ntchito yawo, ndiigwire ndithane nayo: Agogo, pitani kutauni, kuli chimbudzi cha m'nyumba. Basi, ndanyengerera.

Tsopano za ife. Munda wapatsa chiyani chaka chino? Mundiuze zoona, mzere ndi mzere, chifukwa malume akulemba ngati kwadutsa dzombe. Ndipo ngati pakufunika kandalama koti mnzathu wina aponye matumba awiri a tomato kuseri kwa mpanda, kenako inu muwapeze m'mawa nkudabwa, ine ndili ndi dzanja lalitali ndi chikumbumtima chachifupi.

Kubwera sindibwera, nthawi imeneyo ndidzakhala nditakwiriridwa ndi mapepala a mayeso. Mundilembere zonse.

Mdzukulu wanu wonyozedwa,
Kalumo

12 Malichi

Kalumo mwanawe,

Ndili bwino. Bondo nalonso likupereka moni.

Ndalama zako usunge ugulire ulemu. Tomato wogula ndingamuike bwanji patebulo pamene msewu wonse unandiona ndikutentha wanga?

Za munda malume ako sananame kwenikweni, anangoona mbali imene imawakomera. Mvula inachuluka. Tomato anagwidwa ndi chiwawu, masamba kuchita mawanga akuda, zipatso kuolera pamtengo zisanapse. Ndinazula yense nkutentha kuti matenda asatsalire m'nthaka. Kabichi ina inang'ambika mitu ndi madzi, ina mbozi zinadya. Chimanga nachonso mbozi zinalowa kumtima, chotsala sichingadzaze dengu. Nyemba maluwa anayoyoka ndi mvula, zabereka mwaulesi.

Koma maungu, mwanawe! Oyamba anaolera m'phando, ndinabzalanso mochedwa pa dzenje lija ndimatayapo zinyalala za kukhitchini. Ayanga mpaka akwera bafa. Ndawerenga opitirira makumi atatu, ena ndi aakulu ngati mutu wa malume ako. Mbatata zili bwino, mizere yayamba kung'aluka. Anyezi ndinamuika pa bedi lokwera, madzi sanamukhalire. Mabiringanya akuchita maluwa. Tsabola alipo woti nkuliza mzinda wonse. Mandimu, magwafa, mapeyala ndi mikoko iwiri ya nthochi.

Ndiye phwando ndi limenelo. Munthu suyamba ndi kufunsa kuti ndikufuna kuphika chiyani. Umayamba waima pakati pa munda nkufunsa kuti wandipatsa chiyani, ndipo zidzapsa liti. Kusukulu kuja galimoto ikatsitsa kabichi yekhayekha sabata yonse, sindinkalira, ndinkangosintha kadulidwe.

Popanda tomato msuzi umasowa zinthu zitatu, mtundu, kuwawasa ndi kulemera. Mtundu ndi kulemera dungu lipereka, ukaliphika mpaka lisungunuke. Kuwawasa ndimu lipereka, koma lofinyira pomaliza, poto ali pansi, apo ayi limawawa.

Banja la malume ako ndi ana ndi azikazi awo ndi tizidzukulu ndawerenga anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi. Mwana wachiwiri uja ndamuwerenga kawiri. Ndawauza Loweruka lomaliza la Epulo.

Tsopano gwira ntchito yako, loya. Nkhuku zanga zitatu zinadya mbande zanga za kabichi, zimadya mbozi za m'munda, sizinalawepo chogula. Kodi ndi za m'munda kapena ayi?

Agogo ako

27 Malichi

Malume,

Moni kwa inu, kwa akazi anu ndi kwa chipinda chopentedwa. Ndikhulupirira utoto wauma bwino, chifukwa uli ndi nthawi yambiri.

Ndinanyengerera monga munandituma. Ndinatchula ngakhale chimbudzi. Akana.

Pabuka nkhani ya nkhuku, ndipo bwalo lino lagamula motere. Nkhuku imene yabadwira m'munda, yakulira m'munda, ndipo thupi lake lonse ndi kabichi ya agogo imene inaba, ndi mbewu ya m'munda yokhala ndi miyendo. Kuikana ndiye kuti mukanenso dungu chifukwa linakwera bafa. Ndikudziwa kuti mukana, chifukwa mukakhala kuti mwatsala pang'ono kupambana mumauma ngati chingwa cha dzana. Koma kumbukirani kuti mukulimbana ndi mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, wa bondo limodzi, pa nkhani ya nkhuku zitatu. Anthu odzagula mankhwala akamva adzakuonani bwanji?

Chinanso. "Banja lonse" ndi inu, ana anu ndi a m'nyumba zawo. Musakatole anthu pa siteji.

Pansi pa mtima ndikudziwa kuti simukufuna munda wawo, mukuopa foni ya m'mawa yokuuzani kuti awapeza ali gone pakati pa mizere. Inenso ndimaiopa. Mawu amenewa ndawalemba kamodzi, ndipo mukadzawatchula pagulu ndidzakana.

Kalumo

15 Epulo

Kalumo,

Tili bwino. Kalata yako ndinalandira, mwano wake ndinauika pambali.

Nkhuku ndinakanadi, koma usandidzudzule. Ndisanamalize nkomwe kukana, agogo ako akuti, "Zisiyeni, sindikufuna kupambana ndi nzeru za loya." Ndiye ntchito yako yathera pomwepo.

Chimene ndikulembera ndi china, ndipo usaseke. Ndikuganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Poyamba anati phwando ndi Loweruka lomaliza la Epulo. Ana anapempha tchuthi kuntchito. Kenako uthenga ukubwera kuti ayi, kumapeto kwa Meyi. Tasintha. Sabata yatha ukubweranso wina, akuti pakati pa Meyi, ndipo lisapitirire. Ndinawafunsa chifukwa chake, akuti, "Kafunseni mabiringanya." Ine m'sitolo muno ndimaona okalamba ambiri, zimayamba chonchi, masiku kusokonekera.

Nditapitako ndinawapeza akuyenda m'munda ndi ndodo, akugogoda maungu limodzilimodzi, kutchera khutu, kenako kulikanda ndi chikhadabo. Ena awadula awayanika padenga la khola ngati zovala. Anyezi amuzula yense amugoneka pa waya pakhonde, mpando wokhalapo mlendo palibe. Chipinda chako chija mwadzaza mbatata pansi, awaza pa masaka, zenera atseka. Ndinati bwanji osangozisiya m'nthaka mpaka tsikulo, anandiyankha kuti ndibwerere ku mapiritsi anga.

Za anthu a pa siteji, ine sindinaitane aliyense. Koma mayi a kunyumba kuno anauza achemwali awo kuti amayi akuphika phwando lotsanzikana ndi mudzi asanasamukire kutauni. Sananene mwa chipongwe, iwo akukhulupirira kuti ndi mmene zithere. Nkhani yayenda. Azisuweni a kumpoto akuti abwera, ana a malemu atsibweni akuti abwera, ngakhale aphunzitsi awiri opuma a kusukulu kuja. Akuti munthu wotere sangasamuke osamutsanzika. Pofika dzulo tinali pa makumi anayi, ndipo akamba zobwereka minibasi.

Amayi sindinawauze. Ndikawauza ine aziti ndachita dala. Komanso mwina nkwabwino, zithe msanga. Chakudya chikachepa palibe adzawaseke, aliyense adzaona kuti anthu anachuluka. Ndidzabisa buledi ndi soseji m'galimoto kuti ana asalire.

Malume ako

19 Epulo

Kalumo,

Moni. Ndili bwino, ndangotopa.

Malume ako anabwera, anandifunsa kuti lero ndi lachingati, kenako anandifunsa dzina la mdzukulu wawo wamng'ono. Akuyesa ndapenga. Ndinawauza kuti lero ndi tsiku limene mwana wanga wandifunsa zopusa.

Iwe ndikufotokozera, poti unakulira m'munda muno ngakhale unkagwira khasu ngati cholembera. Tsiku la phwando sindisankha ine. Ndinati kumapeto kwa Epulo ndikuyesa maungu adzakhala atakhwima, koma paja ndinabzala kachiwiri. Dungu losakhwima ndi madzi okhaokha. Lokhwima kaphesi kake kamauma, chikhadabo sichilowa pakhungu, ukaligogoda limayankha ngati chitseko. Ukalidula usiye kaphesiko, ndipo usanyamulire pamenepo, kakathothoka dungu limayamba kuolera pabalapo. Likatero likhale padzuwa masabata awiri kuti litsekemere. Ndiye ndinakankhira kumapeto kwa Meyi.

Koma mvula italeka nthaka inayamba kuuma, ndipo anankafumbwe amalowera m'ming'alu ya mizere kukaboola mbatata. Mbatata yoboola imawawa, ngakhale nkhumba imaikana. Ndinakumba mizere isanu msanga. Yongokumba kumene sitsekemera, imafuna igone m'chipinda chofunda masiku angapo, khungu lilimbe. Yagona kale, ndipo siidikira mpaka kalekale. Mabiringanya nawo ayamba kukula. Amafunika kuthyola khungu likadali kunyezimira, likangozimirira ndiye kuti m'kati mwadzaza njere zowawa. Maungu akuti dikira, mbatata ndi mabiringanya akuti fulumira. Pamene akukumana onse ndi pakati pa Meyi. Nthochi ndidzadula kutatsala sabata, ndizifundike. Mapeyala chimodzimodzi, paja sapsera mumtengo. Wopenga ndani pamenepa?

Kaphikidwe ndakonza motere. Poyamba msuzi wa maungu wa anyezi wokazinga ndi tsabola pang'ono, aliyense kapu yodzaza. Umenewu ndi wotseka pakamwa, munthu akamwa zotentha mimba imayamba kukhulupirira. Kenako mbatata zowotcha mu uvuni wanga wa njerwa, maungu owotcha odula zigawo zazikulu, mabiringanya owaza mchere kuti atuluke madzi owawa kenako nkukazinga, ndi nsonga za maungu zanthete zosadzula bwino. Nthanga ndakazinga, ndisinja, zilowe m'masambamo kuti alemere. Anyezi wa makosi onenepa sasungika, ndiye ayambe kulowa mumphika ndi ameneyo. Pomaliza nthochi, magwafa, mapeyala, ndi madzi a mandimu otsekemeretsa ndi nzimbe za kumpanda.

Koma zonsezi ndi zotsekemera ndi zofewa. Munthu wamkulu amadya dungu nkukhuta, pakapita ola limodzi njala yabwerera. Chogwira m'mimba ndi nyemba. Zofiira zija ndapeza makapu asanu ndi limodzi basi. Kapu imodzi ya zouma, ukaviika usiku wonse, imadyetsa akulu atatu ngati pali zina pambali. Ndiye zikwanira ndendende, popanda wotaya.

Zamawangamawanga zoyanga zija, zimene ndinabwera nazo pokwatiwa, chaka chino zangobweza mbewu. Ndasankha, ndayanika, ndathira phulusa, zili m'chitini pamwamba pa kabati. Zimenezo si za mphika. Mizere itatu ya mbatata ya kuchitsime nayonso sindiikhudza, ndi yosungira zingwe zobzala ndi chakudya changa cha m'chilimwe.

Undilembere. Makalata ako amachedwa ngati malipiro a penshoni.

Agogo ako

2 Meyi

Agogo,

Moni mwachangu. Kalata yanu ndi ya malume zafika tsiku limodzi, ndipo nditaziika pamodzi tsitsi langa laima.

Mukuphikira anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi. Kukubwera makumi anayi. Akazi a malume alengeza dziko lonse kuti ndi phwando lotsanzikana, kukubwera ndi minibasi yomwe. Malume akudziwa ndipo akhala chete, akuti kuti musachite manyazi. Chifundo cha mtundu umenewu kwathu kuno timachitcha chinyengo.

Mverani loya wanu kamodzi kokha m'moyo. Panganolo lasweka, ndipo waswa ndi iwo. Simukakamizidwa kudyetsa munthu amene si wa m'nyumba ya malume. Dyetsani anu aja, enawo apatseni madzi a mandimu ndi nkhani. Kapena imitsani zonse. Kapena iphani nkhuku, tsopano zaloledwa ndi chilungamo chenicheni.

Ndayesa kuimba foni yanu, ikungolira. Ndikudziwa ili m'kabati, m'kati mwa poto. Ndaimbira malume, akuti ndisawonjezere moto. Kalata iyi ndalipira kuti ithamange. Ikapeza phwando litapita, positi ofesi ndidzaisumira mpaka njinga zake.

Kalumo

19 Meyi

Kalumo,

Tili bwino, tinayenda bwino. Ndikulemba ndekha usanamve kwa ena, chifukwa ena awonjezera.

Ndagonja.

Tinafika m'mawa, minibasi pambuyo. Ine mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti amayi akaona anthu akutsika ngati nyerere akomoka. Tinawapeza atavala epuloni yoyera ya kusukulu ija, matebulo atatu obwereka ali pansi pa mtengo wa mapeyala, mbale zili mulu. Anangoti, "Mwachedwa, msuzi ukuzizira." Anawerenga mitu ndi chipande, kenako analoza azisuweni awiri kuti asambe m'manja azigawa. Palibe anadzigawira yekha. Iwo anakhala pampando pafupi ndi miphika, chipande chilichonse chikudutsa pamaso pawo.

Msuzi unali wachikasu, wolemera, wowawasa pang'ono. Aphunzitsi opuma aja anakangana, wina akuti muli tomato, wina akuti mulibe, mpaka anapita kukasuzumira mumphika. Mbatata zinali za mitundu iwiri, zowotcha zotsekemera ngati muli shuga, ndi zina zophika zopota pamodzi ndi maungu, zothira anyezi wokazinga pamwamba, beseni lonse. Mabiringanya ine sindidya, ukudziwa. Ndinadya. Nyemba miphika iwiri ikuluikulu, wina wa zofiira, wina wa zikuluzikulu zamawangamawanga zofewa ngati batala. Zimenezo ndiye anthu anazilimbirana, mayi a kunyumba kuno mpaka anapempha kuti akapeze kuti zogula.

Mwana wanga wachiwiri anabwereza katatu, kachinayi anakana yekha. Amayi anamufunsa mokweza kuti, "Wakhuta?" Iye akuti, "Agogo, ndikhululukireni." Anthu anaseka mpaka ana kulira.

Kenako msuweni wamkulu anaimirira kuyamba mawu otsanzika, kuti mudzi utaya mayi. Amayi anamudula. Akuti, "Ndani akusamuka? A Dokotala, tauzani anthu." Ndinaimirira pamaso pa onse, ndinanena kuti munda wa amayi watidyetsa, palibe wanjala, ndipo amayi akhala pakhomo pawo mpaka adzafune okha. Anandiuza ndibwereze chifukwa khutu lina silimva. Ndinabwereza.

Buledi ndi soseji zija tinabwerera nazo. Ndinaiwala kutsitsa, galimoto ikununkha mpaka lero.

Kunena zoona mtima wanga wapepuka. Munthu wophikira anthu makumi anayi yekha si wodwala. Sanaimirire kwambiri tsikulo, koma ndi ukulu, wophika wamkulu saima. Chipinda chija tiikamo makatoni a m'sitolo.

Ukhoza kuseka tsopano.

Malume ako

1 Juni

Agogo,

Moni. Ndamva kuti mwapambana, ndipo ndinayamba kuvina muofesi mpaka mlembi anabwera kudzaona. Kenako ndinawerenganso kalata ya malume, ndinakhala pansi.

Miphika iwiri ya nyemba. Wina wa zamawangamawanga.

Agogo, mwaphika mbewu? Nyemba zimene munandimenyera ndili mwana chifukwa ndinatengako zisanu kukasewerera? Zimene munakana kugulitsa chaka cha njala chija? Mwazithira anyezi nkudyetsa azisuweni a kumpoto, anthu oti sanakutumizireniko ngakhale sopo? Malume, ndi maphunziro awo onse, adya mbale ziwiri osadziwa kuti akutafuna chaka chamawa.

Ndipo mbatata zopota zija zachokera kuti? Mizere isanu sikanadzaza beseni pamwamba pa zowotcha. Mwakumba ya kuchitsime. Musakane, ndinakulira pamenepo. Ndiye m'chilimwe mudya chiyani, ndipo mvula ikagwa mubzala chiyani? Mwapambana munda wopanda kanthu. Kuntchito kwathu timawadziwa anthu otere, amapambana mlandu wa nyumba atagulitsa nyumbayo kuti alipire loya.

Kalata yanga yochenjeza inafika kapena ayi? Ndinakupatsani njira zitatu zotulukira, zonse zaulere. Ndiyankheni, ndipo musandiuze za mabiringanya.

Ndatumiza kandalama. Mukakabweza ndidzakatumizanso, tione atope ndani.

Kalumo

16 Juni

Kalumo mwana wanga,

Ndili bwino pang'ono. Kalata yako yothamanga ija inafika Lachiwiri, phwando litapita, mbale nditabweza kale kwa eni ake. Ndinaiwerenga, inali ndi nzeru zambiri. Ndayalira pashelefu.

Za makumi anayi ndinamva Lachinayi, kugolosale. Ndikugula mchere, mwini sitolo akuti, "Paketi imodzi ikwana, mayi? Paja akuti kukubwera minibasi." Ndinagula awiri.

Njira zako zitatuzo nanenso ndinaziona, sizifuna digiri. Koma munthu wakwera minibasi kubwera pakhomo panga, ndimufunse kuti ndiwe wa m'pangano kapena ayi? Zaka zonse zija kusukulu palibe mwana anafika pawindo langa nkubwerera ndi mbale youma. Sindikanayambira pa azisuweni.

Maungu analipo okwanira, ndinangodula onse, ndi atatu omwe amene ndinasungira nthanga. Mbatata ndiye zinachepa. Lachisanu m'mawa ndinapita kuchitsime ndi khasu. Zongokumba sizikoma kuwotcha, nchifukwa chake ndinazipota ndi maungu kuti zibwereke kutsekemera. Mzere woyamba ndinakumba choimirira. Wachiwiri chogwada. Wachitatu ndinamaliza, koma poti ndidzuke, mwendo unakana. Osati kupweteka ayi, kungokana, ngati si wanga. Ndinagwira khasu, linagwa. Ndinaitana, koma anthu anali kumsika. Ndinagona pamenepo chagada, nkhuku zikundizungulira, mthunzi wa nthochi unandipeza nkundipitirira. Ndinafika kukhitchini chokwawa, dengu ndikukankha patsogolo.

Madzulo ake ndinayeza nyemba zofiira, ndinayezanso, ngati kuti zichuluka. Kenako ndinakoka chitini chija ndi ndodo, ndinapeta phulusa, ndinatsuka, ndinaviika. Usalire nazo nyembazo. Theka la msewu uno ndinaligawira mbewu imeneyo, nditafuna ndikhoza kupempha kapu mawa lomwe. Koma mbewu amasunga ndi munthu amene akudziwa kuti mvula ikadzagwa adzagwira khasu. Ine ndinadziwira pakati pa mizere paja kuti sindidzagwiranso.

Ukanakhala iwe ukanauza malume ako Loweruka m'mawa, nkhani nkutha. Ine ayi. Akanandinyamula ngati thumba la makala, anthu akanati mayi uja munda unamugonjetsa, mwana wake anachita kukamutola. Ndinakhala pampando tsiku lonse ndi chipande m'manja, palibe anadziwa kuti pansi pa tebulo mwendo uli pa ndowa.

Munda ndapatsa mkazi wa telala wa pamsewu wathu uno, alime zaka ziwiri, azindipatsako anyezi. Ndi waulesi pa kupalira koma amamva. Nkhuku ndamupatsanso. Malume ako ndawalembera kuti mwezi ukatha atumize galimoto, ndikufuna kudzaona chifukwa chake adzukulu anga amadya ngati akaidi, ndipo makatoni awo achotse. Ndati ndikudzacheza. Sindinanene kuti mpaka liti, iwonso sadzayerekeza kufunsa.

Za mwendo ukawauza, usadzapondenso pakhomo panga, paliponse pamene padzakhale. Ndalama yako ndasunga, ndigulira ndodo yabwino, yakutauni.

Tsopano funso, loya. Munthu waimirira pamaso pa mboni makumi anayi, wanena kawiri kuti wagonja, mayi ake akhale. Kenako mayiyo, mwa kufuna kwake, wakwera galimoto. Wapambana ndani? Uyankhe mwachidule, ndipo usandilipiritse, mapeyala atha.

Agogo ako